Musangoti "gawani": kapemphedwe ka anzanu pofalitsa mwayi wa ntchito

Uthengawu tonse tinaulandirapo. Umabwera pa WhatsApp, kawirikawiri usiku, ndipo umati: "Pakufunika mnyamata kapena mtsikana wa MSCE wogwira mu shopu. Amene ali ndi chidwi aimbe pa nambala iyi. Chonde gawani." Sunena kuti shopuyo ili kuti, imagulitsa chiyani, malipiro ndi angati, kapena kuti anthu aleke liti kuimba. Koma poti aliyense wa ife ali ndi m'bale amene akungokhala pakhomo satifiketi ili m'sutikesi, timauponya m'magulu onse amene tilimo: la kumpingo, la anzathu a kusekondale, la banki m'khonde, ngakhale la zamaliro la kumudzi. Pofika m'mawa uthenga uja wafika ku Karonga ndi ku Nsanje, ndipo foni ya mwini shopu ikungolira osapuma.

Mwini shopuyo poyamba amasangalala, amaona ngati zayenda. Koma likamafika tsiku lachiwiri, mwa anthu onse amene aimba sakutha kusiyanitsa woyenera ndi wosayenera, ena akulira pafoni, ena akungofulasha kuti awaimbire, ndipo mapeto ake amatopa n'kungotenga mwana wa mlamu wake. Ntchito ija yapita kwa munthu amene sanayesedwe, ndipo anthu mazana atha mayunitsi awo pachabe.

Boma, mabanki ndi mabungwe akuluakulu amalengeza ntchito zawo m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times. Koma mwini golosale, chigayo, saluni, sukulu ya mkaka kapena galaja sangalipire tsamba la nyuzipepala pofuna munthu mmodzi. Chida chimene ali nacho ndi anthu amene amawadziwa. Chidachi n'chabwino, ndipo pa ntchito zina chimaposa nyuzipepala, chifukwa mnzako amadziwa khalidwe la munthu pomwe pepala limangodziwa magiredi. Vuto ndi kapemphedwe. Kuuza anzako kuti "gawani" n'kuwapempha chala chawo chokha. Chimene ukufuna kwenikweni ndi mutu wawo: kuti aime kaye, aganize, n'kukumbukira munthu mmodzi kapena awiri amene anawaonapo akugwira bwino ntchito yofanana ndi yako.

Tiyerekeze nkhani ya mayi wina amene ali ndi sitolo ya zipangizo zaulimi pa Mponela, m'boma la Dowa, m'mbali mwa msewu wa M1. Seputembala akupita kumapeto. Mayiyu akudziwa kuti kuyambira mu Okutobala mpaka mvula itakhazikika, pakauntala sipapumika: alimi akufuna mbewu ya chimanga, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mankhwala ophera udzu ndi a mbozi. Mnyamata amene ankamuthandiza wapeza sukulu ndipo akuchoka. Akufunika munthu wina, ndipo afike msanga kuti aphunzire ntchito chipwirikiti chisanayambe.

Asanauze munthu aliyense, mayiyu ayenera kukhala pansi n'kudzifunsa kuti munthuyo azidzachita chiyani kuyambira m'mawa mpaka kutseka. Akaganiza bwino aona kuti sakufuna "wogwira mu shopu" chabe. Akufuna munthu wolemba malisiti mosalakwitsa, wowerenga matumba a makilogalamu 50 akamatsika m'lole ndi akamatuluka, wolandira ndalama pamanja komanso pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndipo madzulo azifananitsa ndalama ndi zimene zili m'buku. Akufunanso munthu woti mlimi akafunsa kuti mbewu iyi imacha msanga kapena mochedwa, asangoyang'ana kudenga. Ndipo poti nyumba palibe, munthuyo akhale woti atha kumagona pa Mponela kapena m'midzi yapafupi. Zimenezi ndi zimene zilowe m'chidziwitso, chifukwa n'zimene zidzathandize mnzake kuona nkhope ya munthu winawake m'maganizo mwake. Mawu akuti "wolimbikira ndi wokhulupirika" sathandiza aliyense, poti palibe wofuna ntchito amene amadziona kuti ndi waulesi.

Chidziwitso chake chitha kukhala chotere:

"MWAYI WA NTCHITO PA MPONELA. Sitolo ya zipangizo zaulimi (dzina lake ndi pamene ili) ikufuna munthu mmodzi wogulitsa ndi kusunga kaundula wa katundu. Ntchito: kulemba malisiti, kuwerenga katundu wolowa ndi wotuluka, kulandira ndalama pamanja ndi pafoni, kutseka buku madzulo. Zoyenereza: MSCE yokhala ndi masamu; akhale woti anagwirapo ndalama za ena, kaya mu shopu, pa kalabu ya alimi kapena pa eijenti wa ndalama za pafoni; akhale woti atha kukhala pa Mponela, nyumba palibe. Nthawi: Lolemba mpaka Loweruka, 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndi ola limodzi la nkhomaliro. Malipiro: K220,000 pamwezi. Kuyamba: Lolemba pa 19 Okutobala 2026. Bweretsani kalata yolemba pamanja, fotokope ya satifiketi ndi mayina a anthu awiri okuchitirani umboni ku sitoloko pofika Lachisanu pa 9 Okutobala 2026. SITILANDIRA NDALAMA ILIYONSE KWA OFUNA NTCHITO."

Ndalama imene ndalembayo ndi yachitsanzo chabe. Chofunika n'chakuti pakhale chiwerengero, ndipo chisatsike pansi pa malipiro ochepetsetsa amene boma lalengeza pa nthawiyo. Olemba ntchito ambiri amazemba mfundo imeneyi n'kulemba kuti "tidzagwirizana". Ine ndimaona kuti uku n'kumulakwira mnzako amene ukumutuma. Angauze bwanji munthu amene ali kale pa ntchito ina kuti bwera kuno, pamene iye mwini sakudziwa ngati malipirowo akuposa kapena akuchepera? Anthu abwino kwambiri nthawi zambiri amakhala ali kale penapake, ndipo sasuntha chifukwa cha mphekesera. Chiwerengero chimachotsanso anthu amene sangakwanitse kukhala ndi ndalamayo, asanawononge thiransipoti. Maola amene ali m'chitsanzocho nawo sanangolembedwa: maola asanu ndi atatu kwa masiku asanu ndi limodzi ndi maola 48, omwe ndi malire a sabata ya ntchito m'lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000.

Lamulo lomwelo limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chilankhulo, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ulumali, kapena kuti ali pabanja kapena ayi. Choncho mawu amene timawaona kawirikawiri, monga "mtsikana wosakwatiwa", "wa mpingo wathu" kapena "akhale wa kwathu", alibe malo m'chidziwitso. Ndipo musamutume mnzanu pakamwa zimene mwachita nazo manyazi kuzilemba papepala.

Onaninso kuti tsiku lotsekera lalembedwa ndi chaka chake. Uthenga wa pafoni sufa. Pali zidziwitso za ntchito zimene zimazungulira kwa zaka, anthu akuimbabe pomwe amene analembedwayo anachoka kalekale. Mukalemba kuti "pofika Lachisanu likubwerali", Lachisanu limenelo lidzakhala likubwerabe chaka chamawa.

Tsono funso lalikulu: apemphe ndani?

Mtima umathamangira kwa anthu apafupi, abale ndi anzathu a tsiku ndi tsiku. Koma anthu amenewa amadziwa anthu omwewo amene ife tikuwadziwa kale. Mayi wa pa Mponela akafunsa mng'ono wake ndi mnzake wa kukwaya, mayina amene atuluke ndi omwe iye wawaganizira kale n'kuwasiya. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Mark Granovetter, analemba za zimenezi mu 1973. Anafunsa anthu a ntchito za m'maofesi ndi zaluso a m'tauni ya Newton, pafupi ndi Boston, za mmene anapezera ntchito zawo. Mwa amene anaimva kwa munthu wina, ambiri anaimva kwa anthu ongodziwana nawo, okumana nawo mwa apo ndi apo, osati anzawo apamtima. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: munthu wongodziwana naye amayenda m'malo amene iwe sufikako, choncho amamva ndi kuona zimene a pakhomo pako sangazione. Newton si Mponela, koma mfundoyo imagwira kulikonse kumene anthu amakhala m'timagulu.

Choncho mayiyu asafunse kuti "ndani amandikonda?" koma "ndani amaona achinyamata ali pa ntchito yofanana ndi yangayi?" Akatero mndandanda wake usintha. Mubwera mlangizi wa zaulimi wa m'deralo, amene amadziwa achinyamata olemba mabuku a makalabu a alimi. Mubwera mphunzitsi wa masamu wa pasekondale yoyendera yapafupi, amene amakumbukira ana amene ankakhoza koma analephera kupitiriza chifukwa cha fizi. Mubwera eijenti wamkulu wa ndalama za pafoni pamsikapo, amene wakhala akulemba ndi kuchotsa anyamata ndi atsikana m'timaambulera take ndipo amadziwa amene sanashotetsepo. Mubwera dalaivala wa lole yobweretsa feteleza, amene amatsitsa katundu m'masitolo ambiri a m'mbali mwa msewu ndipo amaona kalaliki amene amawerenga thumba lililonse ndi amene amangosaina. Mubwera msungichuma wa mpingo wina, osati wake. Anthu asanu ndi atatu otere amakwanira. Aliyense wa iwo ali ndi zenera lake loonera anthu, ndipo mazenerawo sayang'ana mbali imodzi.

Aliyense alandire uthenga wakewake, wotchula chifukwa chimene wasankhidwira. Kwa mphunzitsi uja mayiyu atha kulemba motere, kapena kumuimbira kaye kenako n'kulemba:

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Pepani ndakusokonezani. Kusitolo kuno ndikufuna munthu wa pakauntala, zonse zili m'chidziwitso chimene ndatumizachi. Ndaganiza za inu chifukwa ana ambiri a kuno anadutsa m'manja mwanu. Kodi alipo mmodzi kapena awiri amene mumawadziwa kuti masamu amawatha ndiponso ndi osamala pa zinthu za eni? Ngati alipo, chonde atumizireni iwowo basi, musavutike kuponya m'magulu. Auzeni kuti abweretse kalata kwa ine pofika pa 9 Okutobala. Onse adzayesedwa mofanana, choncho musawalonjeze kanthu, ndipo ndikapanda kuwatenga musadzandione molakwika. Ngati palibe amene akubwera m'maganizo, palibe vuto, ingondidziwitsani."

Uthengawu ndi waufupi, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Kunena kuti "mmodzi kapena awiri" kumapeputsa pempho, komanso kumakakamiza mphunzitsiyo kusankha. Munthu akauzidwa kuti atumize kwa aliyense, sasankha. Kufunsa za amene "mumawadziwa kuti amatha" n'kosiyana kwambiri ndi kufunsa za amene "akufuna ntchito". Funso lachiwirili limabweretsa wovutikitsitsa, chifukwa chifundo ndi chimene chimayamba kuyankha, pomwe loyambalo limabweretsa woyenera. Ndipo mawu akuti "musawalonjeze kanthu" amateteza anthu atatu nthawi imodzi: mwini ntchito kuti asamangike, mphunzitsi kuti asachite manyazi, ndi wofunsirayo kuti asagulitsiretu mbuzi ya thiransipoti ndi suti poganiza kuti ntchito yapezeka kale.

Chiganizo chomaliza chija, chomulola mnzako kunena kuti palibe, ambiri timachiiwala. Kwathu kuno kukana pempho la munthu n'kovuta, ndipo munthu amene alibe dzina loyenera amangotchula lililonse kuti asaoneke ngati sanathandize. Mukamutsegulira khomo lotulukira, dzina limene adzakupatseni lidzakhala loti akulikhulupirira.

Chidziwitsocho chipite m'njira ziwiri, monga chithunzi ndiponso monga mawu olembedwa. Chithunzi chimavuta kuchisintha, ndipo chikakhala ndi dzina la sitolo ndi chidindo chake chimaoneka kuti chili ndi mwini. Mawu olembedwa amafika ngakhale kwa amene bandulo yamuthera kapena ali ndi foni ya mabatani. Kuika pa sitetasi ya WhatsApp si kulakwa, koma kumbukirani kuti imazimirira pakatha maola 24 ndipo imaonedwa ndi okhawo amene munasungirana nawo manambala, kutanthauza anthu anu omwe aja.

Zimene zimalakwika n'zambiri, koma choopsa kwambiri ndi akuba. Chidziwitso chikangolowa m'magulu, pamapezeka munthu wochikopera, n'kufufuta nambala ya mwini wake, n'kuikapo yake. Woimba amauzidwa kuti malo alipo koma atumize kaye K5,000 "ya fomu", kapena ya yunifolomu, kapena ya kuchipatala. Ndalamayo imakhala yaing'ono dala, kuti munthu asaganize kawiri ndiponso asadzavutike kukadandaula kupolisi. Tsiku lina mwini sitolo amangoona achinyamata atafika pakhomo ndi mauthenga a Mpamba m'manja, akufunsa kuti ayamba liti. N'chifukwa chake mzere wonena kuti simulandira ndalama uyenera kukhala m'kati mwa chithunzicho, m'zilembo zazikulu, ndipo n'chifukwa chakenso mayi wa pa Mponela wachita bwino kunena kuti makalata abwere ku sitolo. Malo oti munthu atha kufikapo ndi miyendo yake ndi umboni umene wakuba sangaukopere.

Pali njira yodziwira kuti uthenga wanu wapulumuka m'manja. WhatsApp imaika chizindikiro cha "Forwarded many times" pa uthenga umene wadutsa mwa anthu ambiri motsatizana, ndipo kuyambira 2020 uthenga wotere umangolola kutumizidwa kumalo amodzi pa nthawi. Chidziwitso chanu chikabwerera kwa inu chili ndi chizindikiro chimenecho, kapena mukayamba kulandira mafoni ochokera kumaboma akutali pa ntchito yofuna munthu wa pamalo, dziwani kuti chili kale kwa anthu amene sakukudziwani. Chiwerengeni bwinobwino, muone ngati nambala, malipiro ndi tsiku zili monga munazilembera.

Nkhani ya akuba si ya ma K5,000 okha. Amayi ambiri a ku Malawi amene anakazunzika m'nyumba za anthu ku Oman, nkhani imene inamveka kwambiri kuyambira 2022, anakopedwa ndi malonjezo a ntchito yabwino, ndipo mauthenga otere amadutsa mwa anthu wamba amene amangoti akuthandiza. Dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la chaka cha 2015, koma lamulo limafika munthu atapita kale. Amene angaimitse uthenga woipa usanafike kwa mtsikana wa kumudzi ndi uja amene waulandira n'kufunsa kaye kuti wachokera kuti. Wolemba ntchito wachilungamo ayenera kudziwa kuti chidziwitso chake chikuyenda m'njira imodzi ndi mauthenga amenewa. Chikakhala chopanda dzina, chopanda malo, cholonjeza "malipiro okopa", chimafanana nawo ndendende, ndipo anthu ochenjera, omwe ndi amene mukuwafuna, amachidumpha.

Vuto lina limachokera kwa anzathu enieniwo. Munthu mwamutuma kuti angofikitsa uthenga, iye n'kudzisandutsa mlonda wa pachipata. Amayamba kuuza anthu kuti "ndikulowetsa ndine", ndipo ena amafika pofuna kangachepe, kapena gawo la malipiro a mwezi woyamba. Kwa atsikana, zimene amapemphedwa nthawi zina zimakhala zoipa kuposa ndalama. Mwini ntchito sadziwa chilichonse, amangodabwa kuti wantchito watsopano n'chifukwa chiyani akuopa kwambiri munthu wakutiwakuti. Njira yotsekera mpata umenewu ndi imodzi: makalata asadzere mwa mnzanu. Iye afikitse chidziwitso, wofunsira abwere yekha. Ndipo pa tsiku la mafunso, funsani aliyense kuti anamva kwa ndani komanso ngati pali amene anamupempha kanthu. Funso loyambalo likuthandizaninso kudziwa kuti mwa anzanu aja ndani ali ndi diso labwino, kuti ulendo wina mudzayambire kwa iye.

Kenako pali abale. Mphekesera ikangomveka kuti kusitolo kukufunika munthu, amalume amaimba: "Mwana wa achemwali ako uja akungokhala, ukutengeranji wakunja?" Pamenepa mayi wathu asayankhe ndi mkwiyo kapena ndi bodza. Ayankhe kuti, "Amalume, abweretse kalata ngati anzake, Lolemba adzalembe nawo mayeso." Mayesowo asakhale a chiphamaso. Atha kupatsa onse funso limodzi la pa ntchito yeniyeniyo: m'mawa munali matumba 120, lole yabweretsa 80, malisiti akuonetsa kuti tagulitsa 47, koma powerenga madzulo tapeza 151, kodi zili bwino? Woyenera apeza kuti payenera kukhala 153, kuti matumba awiri akusowa, ndipo wabwino kwambiri anenanso pamene angayambire kufufuza, kaya pa lisiti imene sinalembedwe kapena pa chiwerengero cha dalaivala. Akapatsidwanso ndalama zenizeni kuti abweze chenje, ndi foni kuti aonetse mmene amatsimikizira kuti ndalama yalowadi osangokhulupirira uthenga umene kasitomala wamuonetsa, mayiyu adziwa zambiri kuposa zimene satifiketi ingamuuze. Mwana wa achemwali akapambana, walowa ndi mutu wake ndipo anzake a pa ntchito adzamulemekeza. Akalephera, pali pepala loti amalume aone.

Patatha masiku atatu kapena anayi chitumizireni mauthenga, mayiyu aone mmene zikuyendera. Tiyerekeze kuti mwa anthu asanu ndi atatu aja, asanu ayankha ndipo makalata anayi afika. Atatu amene ali chete awakumbutse kamodzi, mwaulemu, basi. Kukumbutsa kachiwiri ndi kachitatu kumasandutsa pempho kukhala ngongole. Ngati makalata akubwera ambiri koma a anthu osayenera, vuto lili m'chidziwitso: sichinanene momveka chimene chikufunika, kapena wina wachiponya m'gulu. Ngati sakubwera n'komwe, asafulumire kuimba mlandu anzake. Aimbire mmodzi amene amalankhula mosabisa, mwina dalaivala uja, n'kumufunsa kuti anthu akuti chiyani. Yankho limakhala pa malipiro, pa nyumba, kapena pa mbiri ya sitoloyo. Pamalo aang'ono ngati pa Mponela, aliyense amadziwa bwana amene amachedwetsa malipiro kapena amene amadula wantchito ndalama pa katundu amene anaba ndi mwana wake. Bwana wotere anzake amavomera pakamwa kuti atumiza, koma satumiza, chifukwa safuna kuponya mwana wa mnzawo pamoto. Kukhala chete kumeneko nako ndi uthenga, ndipo ndi bwino kuumva.

Njira ya anzathuyi ili ndi malire ake, ndipo tisawabise. Imazungulira mwa anthu odziwika. Mtsikana wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri amene sali pa kalabu iliyonse, mnyamata wolumala mwendo amene sayendayenda pamsika, mlendo amene wangosamukira kumene, onsewa sangamve ngakhale atakhala kuti ndiwo oyenera kuposa onse. Uku ndiko kumene kumachokera dandaulo la achinyamata lakuti masiku ano popanda wokudziwa sungapeze ntchito, ndipo dandaulolo si lopanda pake. Choncho pepala lomwelo limatidwenso pachitseko cha sitolo ndi pamalo ena amene anthu a m'deralo amadutsa, monga pa ofesi ya zaulimi. Pepala la pakhoma silifika ku Nsanje, limafika kwa anthu okhawo amene angathe kugwira ntchitoyo akugona kwawo. Ndipo ngati ntchitoyo ndi ya boma kapena ya bungwe limene lili ndi ndondomeko yake yolembera anthu, udindo wa mnzanu ndi kungolozera anthu ku chidziwitso chovomerezekacho. Chimodzimodzi ntchito zofuna chiphaso, monga unamwino: mawu abwino a mnzanu salowa m'malo mwa kutsimikiza kuti munthuyo ali m'kaundula wa bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba.

Nanga inu amene mwapemphedwa? Dzina lanu limapita limodzi ndi uthengawo. Wolandira sakhulupirira chidziwitsocho, amakhulupirira inuyo. Ngati mwini ntchito simukumudziwa ndipo simungathe kumuimbira kapena kufika pamalo ake, musatumize, ngakhale uthengawo utabwera ndi mawu akuti "thandizani achinyamata". Ngati mukumudziwa, tumizani kwa munthu amene mwamuganizira ndipo muwonjezepo mawu anuanu: "Achimwene, sitolo iyi ndimaidziwa, mwini wake ndalankhula naye lero. Ndaganiza za inu chifukwa cha mmene munkasungira buku la kalabu lija. Kusankha ndi kwa eni ake, ine ndangokudziwitsani." Mwini ntchito akadzakufunsani za munthuyo, nenani zimene munaona ndi maso anu, ndipo muime pomwepo. Kunena kuti "ndinamuona akusunga ndalama za kalabu zaka ziwiri osasowetsa, koma za pakauntala sindinamuonepo" kumathandiza kuposa kunena kuti "ndi mwana wabwino kwambiri". Ndipo musapereke nambala ya munthu kwa wolemba ntchito musanamufunse mwini wake. Mwina ali pa ntchito ina ndipo foni yobwera mosayembekezereka ingamuyambanitse ndi bwana wake.

Gawo limene pafupifupi aliyense amalisiya ndi lomaliza. Munthu wapezeka, wayamba pa 19 Okutobala, ndipo mayi wathu watanganidwa ndi alimi. Koma kunjaku kuli anthu khumi ndi atatu amene analemba makalata, analipira fotokope, ena anakwera kabaza kudzalemba mayeso, ndipo akudikirabe. Kuli mphunzitsi amene akukumana ndi mwana uja pamsika tsiku lililonse, osadziwa choti amuuze. Uthenga umodzi wa mizere iwiri kwa aliyense wa iwo sudya ngakhale ola limodzi: malo aja adzazidwa, zikomo chifukwa chofunsira, mapepala anu mutha kudzawatenga. Mapepalawo asapezeke akukulungira mbewu pakauntala, chifukwa ali ndi mayina, manambala ndi mbiri za anthu. Kwa anzake asanu ndi atatu aja apite mawu othokoza, owauza mmene zathera, ndi pempho lakuti amene anatumiza chidziwitsocho kwina atumizenso uthenga wakuti ntchitoyo yatsekedwa. Pepala la pachitseko limatulidwe tsiku lomwelo.

Inu amene muli ndi malo a ntchito mwezi uno, musanalembe mawu akuti "gawani", tengani pepala mulembe mayina asanu ndi atatu a anthu amene amaona achinyamata ali pa ntchito, ndipo muyambe kuwaimbira mmodzimmodzi.